Wasayansi wofuna filosofi ya maganizo ayambire pa ululu

Mphunzitsi wa fizikisi wa kusekondale kuno ku Dedza, kapena namwino wa kuchipinda cha opaleshoni ku Ntcheu, akayamba kudzifunsa kuti kodi nyama ya ubongo imabala bwanji kumva ndi kuganiza, anthu amamupatsa limodzi mwa malangizo awiri. Ena amati ayambe ndi mabuku a sayansi ya ubongo, popeza kumeneko ndi kwawo. Ena amati ayambire kwa Descartes, wafilosofi wa ku France yemwe m'chaka cha 1641 analemba kuti mzimu ndi thupi ndi zinthu ziwiri zosiyana, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kufika lero. Malangizo onse awiriwa ndimawakana. Loyamba limamubwezera munthu ku zomwe amadziwa kale, ndipo amatha zaka akuwerenga za mbali za ubongo osakumana ndi funso lomwe linamudzutsa. Lachiwiri limamutopetsa asanafike pomwe pali mkangano weniweni.

Njira yomwe ndikuikira kumbuyo ndi yopapatiza. Tengani chiganizo chimodzi chokha, chakuti ululu ndi zochitika za m'mitsempha basi, n'kuchitsatira kudutsa m'mapepala ochepa, aafupi koma olimba, omwe amayankhana okhaokha. Mabuku akuluakulu abwere pomaliza.

Poyambira ndi pepala la J. J. C. Smart la 1959, Sensations and Brain Processes. Lili ndi masamba 16. Smart akuti kumva kulikonse ndi chochitika cha mu ubongo, monga momwe mphenzi ilili magetsi othamanga mumlengalenga. Sakunena kuti chochitika cha mu ubongo chimayambitsa kumva, kapena kuti ziwirizi zimayendera limodzi. Akuti ndi chinthu chimodzi chokhala ndi maina awiri. Kusiyana kumeneku kugwireni ndi manja awiri, chifukwa wasayansi anazolowera kunena kuti ichi chikachitika ichonso chimachitika, n'kulekera pomwepo. Wafilosofi amayambira pamene wasayansi walekera: ngati ziwirizi zimangoyendera limodzi, ndiye kuti ndi ziwiri, ndipo chachiwiricho ndi chiyani? Ubwino wa pepalali ndi wakuti Smart amadzitsutsa yekha kasanu ndi katatu n'kumadziyankha. Kutsutsa koyamba n'kosavuta: munthu yemwe sanapite kusukulu amadziwa bwino ululu wake koma sadziwa kanthu za mitsempha. Yankho lake n'lakuti munthu yemweyo amadziwanso mphenzi osadziwa zamagetsi. Koma pa kutsutsa kwachitatu khalanipo madzulo onse. Kumeneko akuti, chabwino, chochitikacho n'chimodzi, koma kuwawa kwake, momwe chimamvekera kwa mwini wake, si khalidwe lina lapadera lomwe fizikisi siitchula? Smart mwini anavomera kuti pamenepa m'pomwe yankho lake silinamukhutiritse kwenikweni. Pafupifupi zonse zomwe muwerenge pambuyo pake ndi ana a kutsutsa kwachitatuku.

Kenako pitani kwa Saul Kripke, m'buku lake Naming and Necessity, lomwe linachokera ku nkhani zitatu zomwe anakamba ku Princeton mu 1970 ndipo linatuluka ngati buku mu 1980. Za maganizo zili kumapeto kwa nkhani yachitatu, masamba owerengeka, koma simungazimve musanawerenge ziwiri zoyambazo. Musazidumphe.

Apa ndi pamene awerengi ambiri a sayansi amaponya buku pansi, ndipo chifukwa chake ndimachimvetsa. Kripke amagwiritsa ntchito chitsanzo chakuti ululu ndi kugwira ntchito kwa mitsempha ya mtundu wa C. Aliyense amene anaphunzira za thupi amadziwa kuti zimenezi si zoona. Mitsempha ya C ndi yopyapyala, yopanda chikuta, ndipo uthenga umayendamo pafupifupi mita imodzi pa sekondi. N'chifukwa chake mukapunthwa chala chakuphazi mumayamba mwamva kulasa kwamsanga, kobwera ndi mitsempha ina yothamanga, kenako patapita kamphindi n'kumabwera ululu wonyeka uja. Mitsempha ina ya C imanyamula kuyabwa, ina kufunda. Mayi wobayidwa jakisoni wa pamsana pa opaleshoni yobereka, mitsempha ya pakhungu la pamimba pake imatumiza uthenga pamene mpeni ukudutsa, koma uthengawo umathera pakhomo la msana ndipo iye samva kuwawa. Munthu wodulidwa mwendo amamva kuwawa kuphazi komwe kulibe. Choncho wasayansi amati: anthuwa sadziwa ngakhale bayoloje ya chaka choyamba, ndiwamverenji?

Mutero mwataya mwayi. Fufutani chilembo C, mulembepo X, ndipo X akhale chilichonse chomwe sayansi ya ubongo idzapeze kuti chimapezeka nthawi zonse pamene pali ululu ndipo chimasowa pamene ululu palibe. Mfundo ya Kripke sigwedezeka ngakhale pang'ono. Ichi chikhale choyesera chanu pa ulendo wonsewu. Mukaganiza kuti mwamugwira wafilosofi, ikani X pamalo pa chitsanzo chake. Kutsutsa kwanu kukazimiririka, ndiye kuti mumalimbana ndi chitsanzo, mfundo yake simunaikhudze.

Mfundoyo imayenda motere. Ngati maina awiri akutchuladi chinthu chimodzi, palibe njira iliyonse yomwe zikanakhalira kuti chimodzi chipezeke popanda chinzake, pakuti chinthu sichingasiyane ndi mwini wake. Kutentha ndi kuyenda kwa mamolekyu. Ngati izi ndi zoona, sizikanatheka kuti pakhale kutentha popanda mamolekyu oyenda. Komabe tonsefe timaona ngati zikanatheka, ngati kuti asayansi akanatha kupeza zina. Kripke akuti kuona kumeneko n'kunyengeka, ndipo akufotokoza komwe kumachokera. Ganizirani madzi a pamjigo. Madzi a pansi pa nthaka sasintha kwambiri kutentha kwake chaka chonse. Koma m'mawa wa mu Julaye kuno ku Dedza, manja atauma ndi chisanu, mumawamva ngati ofunditsidwa pamoto, pamene masana a mu Okutobala madzi omwewo mumawamva ozizira. Kutentha kwa madziwo ndi chinthu china, kumva kutentha ndi chinanso, ndipo pakati pa ziwirizi pali mpata. Tikamaganiza kuti tikuona m'maganizo kutentha kopanda mamolekyu, chomwe tikuona kwenikweni ndi kumva kutentha kopanda mamolekyu. Icho n'chotheka, ndipo sichisokoneza sayansi.

Tsopano yesani zomwezo pa ululu. Zikuoneka ngati X akanatha kuchitika m'mutu popanda kuwawa kulikonse, kapena kuwawa kukanakhalapo popanda X. Wotsatira Smart ayenera kunena kuti uku n'kunyengekanso. Ayenera kunena kuti chomwe tikuona m'maganizo ndi kumva ngati ululu popanda ululu weniweni. Koma kumva ngati ululu ndiwo ululu. Wodwala akati dzino likundiwawa, mungamuuze kuti vuto lili m'chibwano osati m'dzino, koma simungamuuze kuti akungomva ngati akuwawidwa pamene sakuwawidwa. Mpata womwe unatipulumutsa pa madzi a pamjigo palibe apa. Ndiye ngati kuoneka kuja sikungafotokozedwe ngati kunyengeka, X ndi ululu zingasiyanedi. Ndipo ngati zingasiyane, si chinthu chimodzi.

Lembani mfundoyi papepala m'mizere inayi: chinthu chimodzi sichingasiyane ndi mwini wake, X ndi ululu zikuoneka ngati zingasiyane, kuoneka kumeneko sikungathe kufotokozedwa monga tinachitira ndi kutentha, choncho si chinthu chimodzi. Ngati chigamulocho simukuchifuna, muyenera kuloza mzere womwe mukuukana ndi kunena chifukwa. Kunena kuti sayansi idzapeza yankho m'tsogolo si kukana mzere uliwonse.

Pepala la Joseph Levine la 1983, Materialism and Qualia: The Explanatory Gap, ndi lalifupi kuposa la Smart, ndipo kwa wasayansi ndi lomwe limaluma kwambiri. Levine akuti Kripke anapitirira muyeso pogamula kuti ululu si wathupi. Chomwe mfundoyo ikuonetsadi ndi chakuti kufotokoza kwathu kuli ndi dzenje. Chitsanzo chomwe Levine anadzachigwiritsa ntchito m'zolemba zake za pambuyo pake ndi kuwira kwa madzi, ndipo ife a kuno tili nacho m'khitchini. Tauni ya Dedza ili pafupifupi mamita 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere. Mpweya umapanikiza mochepera, choncho madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95, pamene ku Nsanje amayandikira 100. Chofunika n'chakuti munthu wodziwa momwe mamolekyu a madzi amakokerana, ndi momwe nthunzi imakankhirana ndi mpweya, atha kuwerengetsera zimenezi asanafike ku Dedza. Mukamva nkhani ya mamolekyuyo, funso lakuti nanga madziwo akuwiriranji silitsalanso. Simungathe ngakhale kuganiza kuti zonsezo zichitike madzi osawira. Koma uzani munthu zonse za X, mtsempha ndi mtsempha, ndipo funso lakuti chifukwa chiyani zimenezi zimawawa m'malo moyabwa, kapena m'malo mosamveka n'komwe, likhalabe chilili.

Mu 1998 wasayansi ya ubongo Christof Koch anabetcherana ndi wafilosofi David Chalmers kuti pakutha pa zaka 25 chizindikiro chomveka cha kumva kwa mkati chidzakhala chitapezeka mu ubongo. Mu Juni 2023 Koch anavomera kuti wagonja ndipo anapereka wayini. Anthu amakonda kuinena nkhaniyi ngati kupambana kwa filosofi, koma amene wawerenga Levine aona kuti ngakhale Koch akanapambana, akanangopeza X. Ichi ndicho chifukwa changa chokanira kuyamba ndi mabuku a sayansi ya ubongo. Ndi abwino, ndipo mudzawafuna, koma akufunafuna X, pamene funso lanu likuyambira pamene X wapezeka.

Pofika apa wowerenga wina amatembenuka msanga n'kunena kuti basi, mzimu ulipo, sayansi yalephera. Asafulumire. Pali mfundo ina yolemera chimodzimodzi yokokera mbali inayo, ndipo poiwerengera pabwino ndi buku la David Papineau la 2002, Thinking about Consciousness, makamaka mutu woyamba ndi gawo lowonjezera la kumapeto. Mfundoyo ili ndi miyendo itatu. Ululu umachititsa zinthu m'thupi: ndi umene umamudzutsa munthu usiku kukasaka panado, ndi umene umamukweza kabaza kupita kuchipatala. Musatenge chitsanzo chochotsa dzanja pamoto, chifukwa icho chimathera mumsana ululu usanamveke. Mwendo wachiwiri ndi wakuti chochitika chilichonse cha m'thupi chili ndi choyambitsa chathupi chokwanira. Mukatsatira kusuntha kwa mwendo kubwerera m'mbuyo mupeza minofu, mitsempha, ubongo, osapeza pena pamene chinthu chosakhala chathupi chinakankha. Wachitatu ndi wakuti si zomveka kunena kuti chochita chilichonse cha munthu chili ndi zoyambitsa ziwiri zokwanira, chilichonse pachokha. Mukavomera itatu yonse, ululu uyenera kukhala wathupi.

Gawo lowonjezera lija ndi lomwe wafizikisi adzalikonde. Funsoli n'lakale: mu 1643 Elisabeth, mwana wa mfumu ya ku Bohemia, analembera Descartes kumufunsa kuti mzimu wopanda kukula kapena kukhudza ungakankhe bwanji thupi. Ambiri amaganiza kuti lamulo lakuti mphamvu sizilengedwa kapena kuwonongeka, lomwe Helmholtz analifotokoza mu 1847, linatseka nkhaniyi. Papineau akuonetsa kuti ayi. Lamulolo silikana kuti pangakhale mphamvu yapadera ya maganizo, bola nayonso isunge chiwerengero. Chomwe chinatseka khomo ndi ntchito ya zaka zambiri ya ofufuza za maselo, omwe anasanthula mkati mwa mitsempha osapezamo mphamvu yachilendo. Pamene Hodgkin ndi Huxley anafotokoza mu 1952 uthenga wa mumtsempha pogwiritsa ntchito kulowa kwa sodiyamu ndi kutuluka kwa potaziyamu, malo obisalamo mphamvu yotero anali atachepa kwambiri. Choncho mwendo wachiwiri uja ndi chigamulo chochokera ku umboni, si lamulo la masamu, ndipo wasayansi ndi amene ali pabwino kuuyeza kulimba kwake.

Tsopano muli pakati pa mfundo ziwiri zomwe sizingakhale zoona zonse, ndipo apa m'pomwe kuwerenga kumayamba kukoma, chifukwa wolemba aliyense wotsatira mumamufunsa funso limodzi: wakana mzere uti? Frank Jackson, m'pepala lake la 1982 lonena za Mary, wasayansi wongoganiziridwa wodziwa zonse za kuona mitundu koma wokulira m'chipinda chakuda ndi choyera, anakana kuti kumva kumachititsa kanthu m'thupi. Mtengo wake ndi waukulu: zikutanthauza kuti si kuwawa komwe kumakunenetsani kuti mukuwawidwa. Jackson mwini anadzasiya maganizo amenewa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pepala lotchuka la Thomas Nagel la 1974 lofunsa kuti kukhala mleme kumamveka bwanji ambiri amalidziwa, koma ochepa amawerenga mawu ake a m'munsi a nambala 11, momwe muli yankho kwa Kripke. Nagel akuti tikamaganizira X timadziika ngati munthu woyang'ana ubongo kuchokera kunja, pamene tikamaganizira ululu timadziika ngati munthu wowawidwa. Njira ziwirizi zoganizira n'zosalumikizana, choncho nthawi zonse zidzaoneka ngati chimodzi chingakhalepo popanda chinzake, ngakhale zitakhala chinthu chimodzi. Uku n'kukana mzere wachitatu wa Kripke: pali njira ina yofotokozera kunyengeka, yosiyana ndi ya madzi a pamjigo. Brian Loar, m'pepala la 1990 lotchedwa Phenomenal States, anaikulitsa mfundoyi. Ndi pepala lovuta kuwerenga, lolembedwa mothinana, ndipo ndinganene kuti muwerenge Papineau kaye, yemwe akunena zofananako m'Chingerezi chopepuka.

Pali woitsutsa njira yangayi amene ndimamumvera. Amati mndandanda wonsewu ndi wa azungu a m'mayunivesite olankhula Chingerezi, ngati kuti kuno sitinaganizepo za thupi ndi mzimu. Zoona zake, Anton Wilhelm Amo, wobadwira kudera lomwe lero ndi Ghana, analemba ku Wittenberg, m'dziko la Germany, mu 1734 kutsutsa Descartes pa nkhani yomweyi, akunena kuti kumva ndi kwa thupi lamoyo, mzimu sumva kanthu. Ameneyu alowe mumndandanda, ndipo malo ake ndi pafupi ndi kalata ya Elisabeth. Malemu Didier Kaphagawani, wafilosofi wathu wa ku Chancellor College, analemba za momwe Achewa amaonera munthu, ndipo ndi woyenera kuwerengedwa. Koma funso lake ndi lakuti munthu n'chiyani pakati pa anzake, lomwe ndi losiyana ndi lakuti kuwawa n'chiyani mu ubongo. Kuwaphatikiza chifukwa chofuna kuti mndandanda uoneke wakwathu n'kulakwira mafunso onse awiri.

Daniel Dennett ndimamuika mochedwa dala. Wasayansi akayamba ndi Consciousness Explained ya 1991 amangovomera tsamba lililonse, chifukwa Dennett amalankhula chilankhulo cha ku labotale, ndipo amatseka bukulo akuganiza kuti vuto panalibe. Mutadutsa kwa Kripke ndi Levine ndi pamene mumaona kukula kwa chomwe Dennett akukana. Ndipo yambani ndi pepala lake la 1978, Why You Can't Make a Computer that Feels Pain, lomwe ngakhale mutu wake ukunena za kompyuta, mkati mwake ndi nkhani za m'chipatala. Akukamba za odwala opatsidwa mofini ululu utayamba kale, omwe amati ululu ulipobe, waukulu monga kale, koma sukuwasautsanso. Tonse timakhulupirira zinthu ziwiri za ululu: kuti ndi wosautsa mwa chikhalidwe chake, ndi kuti mwini wake sangalakwitse ponena ngati ulipo. Wodwala wa mofiniyu akutikakamiza kutaya chimodzi. Ngati akunena zoona, ululu ungakhalepo wosasautsa. Ngati ululu uyenera kusautsa, ndiye kuti iye akulakwitsa za ululu wake womwe. Dennett akukumbutsanso za kurare, mankhwala oumitsa minofu omwe madokotala ena a m'zaka za m'ma 1940 anawayesa ogonetsa, n'kumachita opaleshoni odwala akumva zonse koma osatha kusuntha. Kenako akufunsa: atawonjezerapo mankhwala oiwalitsa, kuti wodwala adzuke osakumbuka kanthu, mungavomere kuchitidwa opaleshoni yotero? Namwino wa kuchipinda cha opaleshoni sangalitenge funsoli ngati nthabwala.

Kufunika kwake n'kwakuti Kripke anatsamira pa chiganizo chakuti kumva ngati ululu ndiwo ululu, ngati kuti ululu ndi kanthu kamodzi kosagawika komwe mwini wake amakaona konse. Ngati ululu uli ndi zigawo zotha kulekanitsidwa ndi jakisoni, kulasa kwake, malo ake, kusautsa kwake, kukumbukika kwake, chiganizo chija chiyenera kunena kuti chikukamba chigawo chiti. Apa sayansi yanu yabwerera m'bwalo, ndipo tsopano ikumenya mzere weniweni wa mfundo, osati chitsanzo. Wotsatira Kripke ali ndi yankho: sankhani chigawo chilichonse chomwe chimamveka, ngakhale kusautsa kokhako, ndipo funso la Levine libwereranso pa icho. Ine ndimaona kuti yankho limeneli ndi lolimba, ndipo n'chifukwa chake, ngakhale ndimapendekera kwa Papineau chifukwa cha umboni wa mwendo wachiwiri uja, sindivomera aliyense wonena kuti Dennett anaitseka nkhaniyi.

Ambiri mwa mapepalawa anasonkhanitsidwa m'buku limodzi lomwe Chalmers anakonza mu 2002, Philosophy of Mind: Classical and Contemporary Readings, choncho simufunika laibulale yaikulu. Stanford Encyclopedia of Philosophy ndi yaulere ndipo siidya bandulo yambiri, koma muziitsegula mutamaliza pepala, osati musanaliyambe. Ikakuuzani msanga mayankho onse omwe anaperekedwa, simudzadziwa ngati inuyo mukanaliona dzenje.

Buku lalikulu lokhalo lomwe ndikuti muliwerenge mwachifatse ndi The Conscious Mind la Chalmers, la 1996. Mitu isanu yoyambirira ndiyo ntchito yeniyeni. Wachiwiri ndi wotopetsa, ndipo ambiri amaudumpha kuthamangira wachitatu, momwe muli munthu wongoganiziridwa wofanana nanu molekyu ndi molekyu koma wosamva kanthu mkati. Mukaudumpha, wachitatuwo udzaoneka ngati nthano yoopsezera ana, pamene mu wachiwiri ndi momwe Chalmers akuyesera kutsimikiza kuti chomwe chingaganizidwe popanda kudzitsutsa chingathekedi, ndipo mkangano wake ndi Loar wagona pamenepo. Mutu womaliza, wa fizikisi ya kwantamu, wafizikisi adzafuna kuyamba nawo chifukwa akuona masamu omwe amawadziwa. Ausiye, mfundo ya bukuli siitsamirapo, ndipo ungadikire mpaka mutamaliza kulemba papepala mzere womwe Chalmers akukana pa miyendo itatu ya Papineau, ndi zomwe mutu wachisanu ukumulipiritsa chifukwa chotero.